Khoma latuluka mimba pa kosi ya 7, tigumule kapena pulasitala ibisa?

Funso: Ndikumangitsa nyumba ku Chinamwali ndi mabuloko a simenti a 6 inchi. Khoma lakumbuyo ndi lotalika mamita 8.5 ndipo afika nalo kosi ya 7, koma pakati latuluka mimba, komanso malo ena majointi oimirira angotsatana makosi atatu osalumana. Amisiri anga akuti ndisadandaule pulasitala ibisa zonse. Ndiwamvere kapena tigumule?

Yankho: Mayi, choyamba auzeni aime kaye pakhoma limenelo, asaonjezerepo kosi ina mpaka mutaliyeza. Akhoza kumapitiriza mbali zina koma lakumbuyolo lidikire tsiku limodzi, simutaya kanthu. Pulasitala imabisadi, apo sakunama, kungoti imabisira maso basi, kulemera kwa denga ndi ring'i bimu kudzatsikabe pamabuloko omwe akhala mopendamawo. Ndiye tiyambe ndi kuyeza, chifukwa mimba ina ndi yongokonza, ina ndi yogumula, ndipo kusiyana kwake mukhoza kukuona nokha ndi twaini ndi tepi osadikira munthu.

Pezani twaini yomangira ija, tepi, ndi timatabwa tiwiri tofanana kunenepa, tinene masentimita 2. Ikani kathabwa kamodzi pakona iyi kena pakona inayo, pankhope ya kosi yapamwamba mbali ya kunja, ndiye twaini idutse pamwamba pa timatabwato ndipo muikoke zolimba mpaka izilira mukaikhudza. Khoma likanakhala lowongoka, mpata wa pakati pa twaini ndi buloko ukanakhala masentimita 2 paliponse. Yendani ndi tepi buloko ndi buloko mukulemba. Pomwe mpata wachepa ndi pomwe khoma latulukira kunja, ndipo ngati twainiyo ikuchita kugunda buloko nkupindika ndiye kuti mimbayo yaposa masentimita 2 kale. Mukatha pamwamba tsitsani twaini muchitenso chimodzimodzi pa kosi ya 4, kenako pa kosi yoyamba. Apa ndi pomwe pali nkhani, chifukwa mukufuna kudziwa kuti vuto layambira pati. Kosi yoyamba ikapezeka yowongoka, ya 4 yatuluka pang'ono, ya 7 yatuluka kwambiri, ndiye kuti khomalo likupendama pamene likukwera. Koma mimba ikapezeka yofanana kuyambira pansi mpaka pamwamba, ndiye kuti anaiphonya poyala kosi yoyamba ndipo ena onsewo angotsatira mayi wawo.

Kenako muyeze kuima kwake. Simukufunika chida chodula, mwala womangirira kutwaini ukukwana. Tsamiritsani kamtengo pamwamba pa khoma katulukire kunja, mupachikepo twaini ya mwalayo italikirane ndi khoma masentimita 5 pamwambapo, mudikire mwala usiye kugwedezeka, muyeze mpata pansi. Mukapeza 5 khoma laima bwino. Mukapeza 8 ndiye kuti mutu wa khoma waweramira kunja ndi masentimita 3. Chitani zimenezi pamakona onse awiri ndi pakati. Mphepo ikamaomba mwala suima, ndiye ulowetseni mundowa ya madzi osagunda pansi, umakhazikika msanga.

Mmene ine ndimagamulira ndi motere. Pautali wa chipinda chonse, kuyambira pa silabu mpaka pa bimu, khoma lopendama osaposa sentimita imodzi ndimalilandira. Lanulo lili pa kosi ya 7, pafupifupi mita imodzi ndi theka, ndiye likapezeka lapendama ndi theka la sentimita kapena kuchepera apo palibe chogumula, angolibweza pang'onopang'ono m'makosi otsalawo. Likafika masentimita 2 kapena 3 ine ndimatsitsa mabuloko mpaka pa kosi yomwe twaini yasonyeza kuti ili bwino. Buloko wa 6 inchi ndi wonenepa masentimita 15 okha, theka lake ndi 7.5, ndiye mutu wa khoma ukasuntha masentimita 3 katundu wapamwamba sakutsikiranso pakati pa buloko, akukanikiza m'mphepete. Ndipo pali chinthu china chomwe amisiri ena amachita akagwidwa chomwe sindigwirizana nacho ngakhale pang'ono: amasiya mimbayo momwemo nkubweza kosi ya 8 mkati kamodzinkamodzi kuti mutu wa khoma ubwerere pamzere. Khomalo limakhala ngati bondo lopinda, ndipo pabondopo ndi pomwe mng'alu wopingasa umadzayambira.

Za ndalama nazo tiwerenge, poti mawu akuti pulasitala ibisa amamveka ngati otchipa. Pulasitala wabwino amakhala wonenepa sentimita imodzi ndi theka kapena kuchepera pang'ono. Pakati pakatuluka masentimita 3, kuti nkhope iwongoke ndiye kuti khoma lonse lidzazidwe kufika pamsinkhu wa mimbayo, kumakona pulasitala afike masentimita 4 ndi kuposa. Khoma lanu likadzatha lidzakhala pafupifupi masikweya mita 23, ndipo kungoonjezera sentimita imodzi ndi theka paliponse kumadya matumba awiri a simenti kapena kuposerapo, mchenga ndi ntchito padera. Mkati mwa nyumba namo muli dzenje lofanana ndi mimba yakunjayo lofunika kudzaza. Pulasitala wonenepa choncho akapakidwa kamodzi amatsetsereka, akauma amang'aluka, mukagogoda amalira ngati ng'oma. Pamene kutsitsa makosi atatu khoma likadali la masiku ochepa mabuloko ambiri amapulumuka, mumangopala matope ndi chipande nkuwagwiritsanso ntchito, chotayika ndi matope ndi tsiku limodzi.

Tibwere ku majointi otsatanawo, chifukwa kwa ine amenewa ndi ondidetsa nkhawa kuposa mimba. Buloko aliyense amayenera kukhalira mabuloko awiri a pansi pake, kuti katundu amene wasenza amugawire awiriwo, iwonso agawire atatu a pansi pawo, kumangofalikira choncho mpaka kumaziko. Jointi yoimirira ndi malo ofooka kwambiri pakhoma lonse, poti matope ake sakanikizidwa ndi kulemera ngati a jointi yogona, ndipo nthawi zambiri amangopakidwa pang'ono kumaso. Majointi atatu akatsatana ndiye kuti pamenepo pali mzere wa masentimita opitirira 60 pomwe khoma la kumanzere ndi la kumanja zangoyandikana osagwirana. Mabuloko a simenti amafota pang'ono akamauma, nthaka nayo imasuntha pakati pa dzinja ndi chilimwe, ndipo mng'alu umafuna njira yosavuta, ukapeza mzere wokonzeka kale umangotsata. Mukayenda mmakomboni athu kaya ku Chikanda kaya ku Matawale muyang'ane mipanda yong'aluka, mupeza yambiri mng'alu wake ndi wowongoka ngati anaujambula ndi rula, mukayandikira nkusuzumira pomwe pulasitala wagwa mupeza majointi anatsatana.

Mulingo wake ndi wakuti buloko wapamwamba alume wapansi theka, ndiye bondi yabwino kwambiri, koma zikavuta asachepere gawo limodzi mwa magawo anayi a utali wa buloko. Kwa buloko wa masentimita 40 ndiye kuti masentimita 10. Jointi iliyonse yomwe yayandikana ndi ya pansi pake kuchepera apo muiike chizindikiro ndi choko kapena khala. Wina akuuzani kuti tiikamo burikifosi zikhala bwino. Burikifosi ndi wabwino ndipo muzimuika makosi awiri kapena atatu aliwonse, koma ndi waya wothandizira khoma lolumana kale, salowa mmalo mwa bondi.

Chomwe chimabweretsa majointi otsatana kawirikawiri si ulesi weniweni ayi, ndi kusawerengera khoma asanayambe. Mmisiri amayamba kona iyi, mnzake kona inayo, akumana pakati mpata wotsala sukukwana buloko, amangodula chidutswa nkutsekapo, kosi yotsatira chidutswa china cha saizi ina malo ena, pofika kosi yachinayi bondi yasokonekera. Komanso amisiri athu ambiri anakulira pa njerwa zootcha. Mabuloko achuluka zaka zaposachedwapa, makamaka chichokereni 2018 pomwe malamulo a bungwe loona za zomangamanga la NCIC analetsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa ntchito za boma ndi zomanga zikuluzikulu, ndiye anthu anasamukira ku buloko ndi manja a njerwa. Njerwa imakhululuka, ndi yaing'ono, ukaphonya umabweza pa jointi ziwiri zitatu osaoneka. Buloko mmodzi ndi wamkulu ngati njerwa zingapo, akakhala mopendama wapendamitsa dera lonse.

Ndiye tiyeni tiliwerengere limodzi khoma lanulo mmene likanayenera kuyalidwira. Nditenga kuti mabuloko anu ndi a masentimita 40 mlitali, 20 msinkhu, 15 kunenepa, koma muyeze nokha mabuloko khumi osankha mwachisawawa pamulu, chifukwa zikombole zimasiyana, ena amatuluka 39 ndi 19, ndipo masamu onse amasintha. Jointi ndi sentimita imodzi. Buloko ndi jointi yake ndi 41. Khoma ndi masentimita 850. Mabuloko 20 ndi majointi awo akudya 820, kutsala 30. Ndiye kosi yoyamba ndi mabuloko athunthu 20 ndi chidutswa chimodzi cha masentimita 30, ndipo chidutswacho musankhiretu malo ake, bwino chikhale chapakati kapena pansi pa windo, osati pakona.

Kosi yachiwiri ndi yosiyana. Pakona mabuloko amasinthana, kosi iyi buloko wa khoma lakumbuyo ndiye wafika pakona, kosi inayo wa khoma la m'mbali ndiye wafika pakona ndipo kumbuyo kukungooneka mutu wake wa masentimita 15. Ndiye pa kosi yachiwiri kona iliyonse yadya 15 ndi jointi, 16, makona awiri 32. Pa 850 kutsala 818. Mabuloko athunthu 20 ndi majointi 19 a pakati pawo ndi 819. Mwaona, yapyola ndi sentimita imodzi yokha, imene mukaigawa pamajointi onsewo palibe angaione. Kosi yachiwiri ilibe chodula nkomwe. Ndipo mukajambula pansi muona kuti jointi imodzi ya kosi yachiwiri ikugwera pakati penipeni pa chidutswa cha 30 chija, ndipo palibe pomwe kulumana kukuchepera masentimita 15. Kosi yachitatu ikhala ngati yoyamba, chidutswa pamalo omwe aja, yachinayi ngati yachiwiri, mpaka pamwamba. Zidutswazo mnyamata akhoza kudulira limodzi m'mawa ndi galainda kapena chizulo, zonse saizi imodzi.

Muona kuti apa bondi si ya theka ndendende, ndi 16 mbali ina 25 mbali ina, ndipo zimenezi zimachitika ndi buloko wa 6 inchi aliyense poti kunenepa kwake si theka la utali wake ngati wa 8 inchi. Ena amadula buloko wapakona kumuchotsa masentimita 5 kuti bondi igwere pakati, ndipo zimafunikadi ngati mabowo a mabuloko akuyenera kuyang'anizana kuti mudutse chitsulo ndi konkire. Pakhoma wamba la nyumba ine ndimasiya 16 yemweyo, ndi wokwana. Chomwe ndimakana ndi kutsekera kachidutswa ka masentimita 4 kapena 5 pafupi ndi kona kapena kudzaza mpatawo ndi matope okhaokha.

Zonsezi zimaoneka musanasakanize ngakhale fosholo imodzi ya simenti, mukangoyala mabuloko ouma pa silabu kuchokera kona kufika kona, mukusiya mpata wa chala chaching'ono pakati pawo. Ndi ntchito ya mphindi 20. Ine ndinaiphunzira movutika, ndili mnyamata ndikumanga mpanda kwa bambo ena kumtunda kuno, ndinadumpha kuyala kouma poti dzuwa linali litakwera ndipo ndimafuna kuonetsa liwiro. Pofika kosi yachisanu ndinali ndi tizidutswa tinayi tosiyana pakati pakhoma ndi majointi awiri otsatana. Amene ankandiphunzitsa ntchito anafika, sanakalipe, anangotenga chipande changa nkulowetsa nsonga yake mujointi ija kuchokera pamwamba kutsika nayo makosi awiri osagunda buloko, nkundibwezera chipandecho. Ndinatsitsa ndekha madzulo amenewo manja akuwawa ndi simenti, ndipo mpaka lero sindiyamba khoma osayala.

Tsopano kamangidwe kake pobwezeretsa, kuti mukaima pamalopo muzidziwa chomwe mukuyang'ana. Levulo ndi twaini zili ndi ntchito zosiyana ndipo mimba yapakati nthawi zambiri imabwera pomwe zasokonezedwa. Levulo ndi ya pakona. Twaini ndi ya pakati. Mmisiri amayamba wakweza makona awiri makosi atatu kapena anayi, buloko aliyense wapakona akumuyeza katatu: levulo pamwamba kuona ngati wagona bwino mlitali ndi mopingasa, levulo choimirira kunkhope iyi, levulo choimiriranso kunkhope inayo. Konayo imakwera ngati masitepe, pansi yotambalala pamwamba buloko mmodzi, kuti mabuloko apakati adzakhalire pamasitepewo. Asasiye mano otuluka mlengalenga oti adzalowetsemo mabuloko pambuyo, poti jointi yolowetsa chotero sidzaza matope. Akagoneka levulo mopendeketsa pansonga za masitepewo, nsonga zonse zizigunda levuloyo, ina ikatsalira ndiye kuti majointi sakufanana.

Koma levuloyo iyambe yayezedwa iyo mwini. Ma levulo ambiri pamasaiti athu anagwapo kuchokera pa sikafodi kangapo ndipo amanama. Igonekeni pamalo amodzi muone pomwe kathovu kaima, muitembenuze kumanja kupite kumanzere pamalo omwewo, kathovu kaimenso pomwe kanaima poyamba. Kakasintha levuloyo ndi yabodza. Muchitenso choimirira pakhoma, kuitembenuza nkhope. Ndipo ikhale yaitali, ya mita imodzi kapena 1.2, kalevulo kafupi kamangokuuzani za buloko mmodzi osati za khoma.

Msinkhu wa makosi usamayezedwe ndi maso. Pezani thabwa lowongoka mulembepo mizere masentimita 21 aliwonse, buloko 20 ndi jointi imodzi, ndipo thabwa lomwelo liziyenda makona onse. Makosi 7 akhale 147, makosi 10 akhale 210 pomwe pali mutu wa chitseko ndi lintala. Yezani lero makona anu awiri kuchokera pa silabu. Kona ina ikamamangidwa ndi jointi ya sentimita imodzi inayo imodzi ndi theka, palibe amaona pa kosi imodzi, koma pofika kosi ya 10 zasiyana masentimita 5, mawindo sakufanana ndipo akalipentala adzavutika ndi denga. Izi zimagwira ngati makona onse ayambira pamsinkhu umodzi, ndipo ku Chinamwali ndi malo ambiri a mmunsi mwa phiri kuno nthaka ndi yotsetsereka, silabu kapena maziko sizikhala zogona bwino nthawi zonse. Pamtunda wa mamita 8.5 levulo yamanja siingakuuzeni zoona, gwiritsani paipi yoonekera mkati yodzaza madzi, yopanda thovu la mpweya, madzi a kumapeto awiriwo amaima pamsinkhu umodzi ndipo mumalemba chizindikiro pakona iliyonse. Kusiyana kochepa kumathera mumatope a pansi pa kosi yoyamba, kuyambira pakona yomwe ili pamwamba. Kukaposa masentimita 2 kapena 3 ayambe awongola ndi konkire, asamange buloko pamatope onenepa ngati chigumu. Ndipo ngati maziko anawapanga masitepe chifukwa cha chitunda, sitepe iliyonse ikhale msinkhu wa kosi yathunthu, 21 kapena 42, kuti makosi adzakumane.

Makona akaima, twaini imamangidwa kuchokera kona kufika kona, pa mphepete yapamwamba ya kosi yomwe ikumangidwa, mbali ya kunja, ndipo imakwera kosi iliyonse. Kosi iliyonse mayi, osati kudumpha. Buloko akaikidwa, mphepete yake yapamwamba ifanane ndi twaini, yapansi ifanane ndi buloko wa pansi pake, akatero waima yekha popanda levulo. Ndipo buloko asagunde twaini. Pakhale kampata koti chipande chilowe chammbali, mamilimita awiri basi, kuwala kuzioneka. Apa ndi pomwe ndikuganiza kuti mimba yanu inabadwira. Buloko mmodzi akagunda twaini amaikankhira kunja pang'ono, wotsatira amatsata twaini yokankhidwayo nayenso nkuigunda, aliyense akuonjezera pang'ono, pofika pakati khoma latuluka ndipo mmisiri akulumbira kuti amatsata chingwe. Amatsatadi, koma chingwe chinali chitachoka kale pamzere. Mukaima kukona nkutsinzina diso limodzi kuyang'ana motsata twaini mumaona ngati yapindika penapake.

Chachiwiri ndi kulendewera. Twaini ya mamita 8.5 ngakhale muikoke bwanji pakati imagwa pang'ono, ikanyowa kapena kumatidwa matope ndiye kwambiri, ndipo mphepo yotsika m'phiri masana imaikankha. Makosi amatsatira nkukhala ngati uta, pakati potsika. Mankhwala ake ndi kuika buloko mmodzi pakati pa khoma poyamba, kumuyeza ndi thabwa la mizere lija ndi levulo, kuyang'ana kuchokera kukona kuti ali pamzere, kenako kugwiritsa twaini pamphepete pake ndi kachitsulo kopyapyala kapena kapepala kolimba kopinda kopsinjidwa ndi chidutswa cha buloko. Twaini yaitali ija yasanduka ziwiri zazifupi. Khoma lililonse lopitirira mamita 6 ine ndimachita zimenezi.

Mukaona mmisiri akuika levulo pa buloko aliyense wapakati koma twaini ili pansi yakulungidwa, musasangalale kuti ndi wosamala. Buloko aliyense akhoza kukhala bwino payekha khoma lonse likuyenda ngati njoka, chifukwa levulo siidziwa komwe kona inayo ili. Pakati levulo imangobwera mwa apo ndi apo kutsimikiza, makamaka pamphepete mwa zitseko ndi mawindo pomwe pamafunika kuyezedwa ngati kona. Komanso twaini ikhale mbali imodzi yomweyo kuyambira pansi mpaka pamwamba. Mabuloko oumba pamanja sanenepa mofanana, ndiye nkhope imodzi yokha ndi yomwe ingawongoke bwino, inayo imalandira kusiyanako. Akasinthasintha mbali nkhope zonse ziwiri zimaonongeka.

Matope nawo amapendamitsa khoma ngakhale mmisiri ali waluso. Muyezo wake ndowa imodzi ya simenti ku ndowa 5 kapena 6 za mchenga, ndowa yomweyo, osati kuwerenga mafosholo. Mchenga wa mumtsinje ngati wa ku Likangala ausefe, chifukwa kamwala kamodzi mujointi ya sentimita imodzi kamapangitsa buloko kugwedera ngati mpando wa mwendo waufupi, ndipo mmisiri amayamba kunenepetsa jointi kuti akabise. Matope akachuluka madzi buloko amamira ndi kusambira, mwamuika bwino pa twaini mukatembenuka wasuntha, makamaka wa kosi yapansi akalemedwa ndi apamwamba. Matope abwino amaima pa chipande osayenderera. Asakanize oti atha mkati mwa ola limodzi kapena kuposerapo pang'ono, ndipo oyamba kuuma asawathire madzi kuwadzutsa. Mabulokowo akhale okhwima, osati oumbidwa dzana, ndipo asawanyike mmadzi ngati njerwa zootcha, buloko wonyowa amadzafota ali pakhoma. Kukatentha ngati mu Okutobala kungowaza pang'ono pamwamba kukukwana.

Buloko amakonzedwa nthawi yomwe waikidwa, kugogoda pang'ono ndi chigwiriro cha chipande kapena hamala ya labala matope akadali ofewa. Pakapita mphindi zingapo buloko wayamwa madzi a matope aja, mukamugogoda kuti asunthe mwathyola kugwirana kwake ngakhale kunja sikuoneka. Ndiye musalole kuti mimba ya dzulo aibweze ndi hamala kapena kukankha ndi thabwa, buloko wolakwika amachotsedwa, kupala matope akale, kuika atsopano. Ndipo patsiku asakweze kupitirira makosi 6, apansi apeze mphamvu kaye, kenako khomalo lizithiriridwa madzi m'mawa ndi madzulo kwa masiku angapo.

Pokamba ndi amisiri anuwo musayambe ndi mawu oti mwalakwitsa, pitani ndi twaini muwapemphe kuti bambo tiyezere limodzi, agwire mbali imodzi iwowo, manambala aziwerenga okha. Ambiri akaona tepi amavomera. Mugwirizane kosi yomwe mutsikire: yotsikitsitsa pakati pa pomwe mimba yayambira ndi pomwe pali jointi yotsatana yoyamba. Ngati makona apezeka ali bwino asawakhudze, atsitse pakati pokha mwa masitepe mbali zonse ziwiri ngati chilembo cha V, kuti zatsopano zidzalumane ndi zakale. Potsitsa ayambire pamwamba, chizulo chilowe mujointi yogona osati kumenya buloko pankhope, ndipo ngati mufika mpaka pa kosi yoyamba asamale pepala lakuda loletsa chinyezi la pansi pa khoma lisabooke, likabooka aikepo lina lopitirira mbali zonse. Ngati vuto lapezeka kuti lili pa kosi yoyamba ndipo khoma latuluka kunja kwa maziko, kapena mwaona mng'alu pa silabu pomwepo, pamenepo musangomanganso, muitane injiniya kapena folomani wodziwa aone maziko kaye. Mukayeza munditumizire manambala atatu aja a kosi yoyamba, ya 4 ndi ya 7 pamodzi ndi msinkhu wa makona awiriwo, ndikuuzani kosi yoti atsikire.